Silanti yamatuka theka pa dzino la mwana wanga, kodi anaiika molakwika?

*Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7. Miyezi 8 yapitayo dokotala wa mano anamuika silanti pa mano atatu otafunira akumbuyo. Lachinayi, la m'munsi kumanja, anati tidikire kaye chifukwa silinatuluke lonse. Anandiuza kuti silanti imakhala zaka zambiri, koma ndaona kuti pa dzino limodzi la kumwamba theka lachoka kale. Kodi anaiika molakwika? Pansi pa yotsalayo sipawola? Nanga lachinayilo tidikira mpaka liti?*

Mayi, mtima ukhale m'malo. Silanti, pulasitiki yopyapyala ija imene timamata potafunira pa dzino kuti lisawole, ikachoka theka si ngozi yoti muthamangire kuchipatala usiku, ndipo dzinolo silinaipe kuposa mmene likanakhalira akanapanda kuliika kanthu. Komabe musadikire chaka chamawa. Pitani naye m'milungu ikubwerayi kuti akalione. Ngati palibe chawola, kukonzako ndi kwa mphindi zochepa, kopanda jakisoni, kopanda kuboola.

Pa funso lakuti kodi anaiika molakwika, ndikuyankhani mosabisa. Silanti ikamatuka chaka chisanathe, kawirikawiri vuto limakhala kuti linayambira pa tsiku loiikalo, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala malovu. Izi sizikutanthauza kuti dokotalayo anagwira ntchito mwamphwayi. M'kamwa mwa mwana wa zaka 6 ndi mothina, monyowa, lilime silikhala phee, ndipo ntchito yonse imadalira masekondi ochepa amene dzino liyenera kukhala louma gwaa. Mukamvetsa masekondi amenewo, mumvetsanso chifukwa chake silanti ina imatha zaka 10 pamene ina singafike ndi miyezi 10 yomwe, komanso chifukwa chake anakuuzani kuti dzino lachinayi lidikire.

Mano amene tikunenawa ndi otafunira oyamba mwa mano osatha. Amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano onse aubwana, popanda dzino lililonse kuguluka kuti liwapatse malo. N'chifukwa chake makolo ambiri amawayesa aubwana, kumati adzagulukabe. Sadzaguluka. Pamwamba pake, potafunirapo, pali timapiri ndi timakwawa, ndipo pansi pa timakwawato pali timing'alu topita m'kati mwa enamelo, chikutu cholimba chakunja kwa dzino chija. Kwa ana ena timing'aluti timakhala totseguka bwino, malovu ndi mswachi zimatsukamo mosavuta. Kwa ena timakhala tozama, kukamwa kwake kopapatiza moti ubweya wa mswachi, ngakhale umodzi wokha, sungalowemo kufika pansi. Mabakiteriya amalowa, shuga wosungunuka amalowa, koma chotsukira sichilowa. Kuwonjezera apo, enamelo wa dzino longomera kumene amakhala asanakhwime kwenikweni. Amapitiriza kulimba m'zaka zoyamba pamene akumwa mchere wa m'malovu ndi fuloraidi, mchere wolimbitsa mano umene umapezeka m'mankhwala otsukira mano. Ndiye zaka zoyamba dzino litamera ndi zimene limawola msanga, ndipo silanti ntchito yake ndi kutseka timing'aluto kuti lidutse bwino nyengo imeneyo.

Imene anamuika mwana wanuyo ndikukhulupirira kuti ndi ya rezini, chifukwa ndi imene imafuna kuti dzino lituluke lonse. Rezini ndi pulasitiki yamadzimadzi imene imauma akaiwalitsira nyali ya buluu. Chofunika kudziwa n'chakuti payokha siimata pa enamelo. Mukangoithira pa dzino losalala n'kuiumitsa, mukhoza kuikanganula ndi chikhadabo. Chimene chimaigwiritsa ndi njira imene Michael Buonocore anafalitsa mu 1955, atasonyeza kuti enamelo akamupaka kaye asidi, pulasitiki imagwirapo mwamphamvu. Njira yomweyo ndi imene tikugwiritsabe ntchito lero, kungoti asidi wake tinamuchepetsa mphamvu.

Ntchito imayamba ndi kutsuka. Dokotala amachotsa litsiro lonse lomatirira potafunirapo ndi kaburashi, n'kuumitsa dzino kuti aone bwino ngati m'timing'alumo mwayamba kale kuwola. Kenako amalitchinga kuti malovu asafikepo. Ena amavundikira m'kamwa ndi kansalu ka labala kobooka, dzino lokhalo n'kutulukira pabowo. Njira imeneyi ndi yabwino koposa, koma kachitsulo kogwirira labalayo kamapanikiza nkhama, ndipo pa dzino lalifupi la mwana sikagwira bwino. Choncho ambiri amaika timipukutu ta thonje mbali ya tsaya ndi mbali ya lilime, wothandizira n'kumakoka malovu ndi kapaipi. Anthu akakhala awiri, wina kuika wina kukoka, silanti imakhalitsa kuposa ya munthu amene akuchita zonse yekha. Ineyo mwana wovuta sindimuyamba ndili ndekha.

Pamenepo amapaka asidi wa fosiforiki, wamphamvu ya pakati pa 35 ndi 37 peresenti. Amabwera ali phalaphala, kawirikawiri wa buluu kuti aoneke pamene wafika. Amamusiya masekondi 15 mpaka 30, kenako n'kumutsuka ndi madzi ambiri. Mwana samva kuwawa kulikonse, chifukwa enamelo alibe mitsempha. Akangomukhudza lilime ndi pamene amadandaula kuti n'chowawasa. Asidiyu amasungunula pamwamba penipeni pa enamelo mosafanana, pena kwambiri pena pang'ono, n'kusiya timaenje tosawerengeka tosaoneka ndi maso. Akaumitsa ndi mpweya, dzino limene linali lonyezimira limaoneka loyera mbuu, losawala. Kuyera kumeneku ndiko chizindikiro chimene dokotala amayembekezera. Pakakhala pena pakunyezimirabe, ndiye kuti pamenepo asidi sanagwire, ayenera kubwereza.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Kuchokera pamene dzino layera mbuu kufika pamene rezini yauma, malovu sayenera kulikhudza ngakhale pang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi kunyowa chabe, kuti malovu akagwerapo basi aumitsenso ndi mpweya. Ayi. M'malovu muli mapuloteni amene amakakamira pa enamelo wopakidwa asidi nthawi yomweyo, ngakhale atangokhudza sekondi imodzi, ndipo amatseka timaenje tija. Kutsuka ndi madzi sikuwachotsa onse. Dzino likhoza kuumanso n'kumaoneka ngati lili bwino, koma rezini ikathiridwa imangoyala pamwamba osalowa m'timaenjemo. Zili ngati kupaka utoto pa khoma lachinyezi: tsiku limenelo limakongola ndithu, koma pakapita miyezi utoto umayamba kusupuka. Dokotala akaona kuti malovu afikapo ayenera kupakanso asidi n'kuyambiranso. Chovuta n'chakuti nthawi zina saona. Mwana ameza malovu, lilime likunkha dzino mwakanthawi pamene akusintha thonje lonyowa, kapena chinyezi chikwera mwakachetechete kuchokera m'mphepete mwa nkhama.

Dzino likakhala louma, amathira rezini pang'ono ndi kaburashi kapena kansonga, n'kuitsogolera kuti iyende m'timing'alu tonse. Yochuluka siithandiza. Ikadzaza mpaka pa timapiri, dzino la mbali inayo limaimenya potafuna n'kuiswa. Amasamalanso kuti musatsale timathovu ta mpweya, chifukwa kathovu kakadzaphulika pamatsala kadzenje kosunga litsiro. Rezini ikalowa m'timaenje ta enamelo, amawalitsa nyali pafupi kwambiri ndi dzino kwa masekondi pafupifupi 20, kapena kupitirira malinga ndi mtundu wake. Ikauma imakhala ndi timizu tambirimbiri tolowa m'dzino, ndipo timizu timeneto ndi timene timaigwira. Pomaliza amaikanda ndi kachitsulo kosongoka mwadala, kuyesa kuitukula m'mphepete. Yosagwira bwino ndi bwino ichoke pomwepo mwana adakali pampando. Amapukuta pamwamba kuchotsa kotsalira kosauma, kamene kamawawa m'kamwa, n'kumulumitsa kapepala kautoto kuti aone ngati pali pamene pakwera. Dzino limodzi limatenga mphindi zochepa chabe, ndipo mwana akhoza kudya tsiku lomwelo mwa nthawi zonse.

Tiyeni tione dzino la mwana wanu. Mwati ndi la kumwamba, ndipo lachoka theka. Ndisanalione ndikhoza kuganiza kuti theka lochokalo ndi la kumbuyo, loyang'ana kukhosi. Dzino lotafunira la kumwamba lili ndi kamtunda kodutsa mopingasa kamene kamagawa potafunirapo pawiri: kadzenje kakakulu kutsogolo, ndi kakhwawa kena kumbuyo kamene kamatsetserekera mbali ya m'kamwa. Choncho silanti ya pa dzino limeneli kwenikweni imakhala zidutswa ziwiri, china uku china uku. Chakutsogolo n'chosavuta kuona ndi kuumitsa. Chakumbuyo dokotala amachionera pa kagalasi, chili pafupi ndi nkhama imene mwa mwana wa zaka 6 imakhala idakali yokwera, ndipo mwana akagona chagada madzi onse amatsetserekera komweko. Komanso m'kati mwa tsaya, moyang'anizana ndi mano akumbuyo akumwamba, muli kabowo kotulukira malovu ochokera ku chiwalo chachikulu chopanga malovu chimene chili patsogolo pa khutu. Mwana akatsegula kukamwa kwambiri tsaya limakanikiza dzinolo. Nsonga ya nyali nayonso imavuta kuifikitsa kumeneko, ndipo rezini imene yalandira kuwala kochepa siuma mokwanira. Zonsezi zimakumana pa malo amodzi, n'chifukwa chake kumbuyo kwa dzino la kumwamba ndi amodzi mwa malo amene silanti imachoka msanga. Ena ndi kadzenje ka kunja, mbali ya tsaya, pa dzino la m'munsi.

Pali chinthu china chimene dokotala ayenera kuyang'ana akamakonza. Ana ena mano awo oyamba otafunira amamera ndi enamelo wosapangika bwino, wa zigamba zoyera, zachikasu kapena zofiirira, wofewa, ndipo mwana amamva kunyung'unya akamwa madzi ozizira. Pa enamelo wotere asidi sapanga timaenje tabwino, ndipo silanti imamatuka mobwerezabwereza ngakhale dzino liume chotani. Ngati dzino la mwana wanu lili ndi zigamba zotere, munene, chifukwa kakonzedwe kake kamasintha.

Nanga zaka zambiri zimene anakuuzanizo? Sananame, koma mawuwo amafunika kuwamasula. Silanti siikhala zaka zakuti n'kugwa tsiku limodzi. Pa silanti zambiri zoikidwa, zochepa zimalephera m'miyezi yoyamba, ndipo izi ndi zija zosagwira kuyambira pachiyambi. Zimene zadutsa chaka choyamba zili zathunthu nthawi zambiri zimakhalitsa, n'kumaperepeseka pang'onopang'ono ndi kutafuna, m'mphepete n'kumabenthuka. Madokotala a mano timawerengera kuti pa silanti 100 zilizonse, 5 mpaka 10 zimafuna kukonzedwa chaka chilichonse. Kafukufuku wina wodziwika bwino ndi wa Richard Simonsen wa ku America, amene anatsatira ana oikidwa silanti kamodzi kokha osaikonzanso, n'kufalitsa zotsatira za zaka 15 mu 1991. Patatha zaka 5, pafupifupi 82 pa 100 zinali zathunthu. Patatha zaka 15, zathunthu zinatsala pafupifupi 28 pa 100, ndipo zina pafupifupi 35 pa 100 zinali zitachoka mbali ina koma zilipobe. Munthu akhoza kuona manambalawa n'kugwa ulesi, koma taonani kuti mwana woikidwa ali ndi zaka 6 amakhala atakwanitsa zaka 21 pamenepo, nyengo yoopsa ija anaidutsa kalekale.

Ndiponso chimene timafuna kwenikweni si chakuti pulasitiki ikhalepo, koma kuti dzino lisawole. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, linaunika nkhaniyi mu 2017. Linapeza kuti pakati pa ana amene mano 40 pa 100 osaikidwa kanthu akanawola m'zaka ziwiri, oikidwa silanti ya rezini amene akanawola ndi pafupifupi 6 pa 100 okha. Phindu limakula pamene chiopsezo chili chachikulu. Mwana amene mano ake aubwana anabooka, kapena amene timing'alu take ndi tozama, amapindula kwambiri. Amene sanawolepo dzino ndipo timakwawa take ndi tosaya amapindula pang'ono, ndipo ine sindikakamiza makolo a mwana wotero.

Mwafunsa ngati pansi pa yotsalayo sipawola. Apa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazisakaniza. Choyamba ndi mantha akuti mwina mabakiteriya anatsekeredwa m'kati pa tsiku loika. Anatsekeredwadi, chifukwa palibe amene angatsuke kamng'alu mpaka pansi. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ofufuza akhala akutsegula mano oterewa n'kupeza kuti mabakiteriya otsekeredwa amachepa kwambiri, popeza shuga sakuwafikanso. Ngakhale kuwola kongoyamba kumene, kumene sikunaboole dzino, kumaima kukatsekedwa bwino. N'chifukwa chake masiku ano timaika silanti dala pa kamng'alu kamene kayamba kuda koma sikanabooke, m'malo mokaboola. Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, kuti chotsekacho chikhale chotsekadi.

Chachiwiri ndi silanti imene ilipo koma m'mphepete mwake mwatukuka. Iyi ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa yochokeratu. Pamene yachokeratu, dzino langobwerera mmene linalili, malovu ndi fuloraidi wa m'mankhwala otsukira mano akufikapo, ndipo kafukufuku sanapeze kuti mano otaya silanti amawola kuposa amene sanaikidwepo. Koma pamene yatukuka osachoka, pamakhala kampata kamene madzi a shuga amalowa koma mswachi sungalowe, ndipo popeza pamwamba pali choyera chophimba, kuwola kukhoza kupita patali osaoneka. Pa dzino la mwana wanu, ngati chidutswa chakumbuyo chachoka chonse ndipo chakutsogolo chili chokhachokha chogwira bwino, palibe chodetsa nkhawa kwambiri. Koma ngati silanti yathyoka pakati pa kamng'alu, dokotala ayenera kuyesa mphepete yothyokayo, chifukwa malovu amene anafooketsa mbali yochokayo mwina anafikanso pansi pa yotsalayo.

Inuyo kunyumba mukhoza kuona zina. Mwana atatsuka mano, mugonekeni mutu pamiyendo panu, pukutani dzinolo ndi kansalu koyera kouma, ndipo walitsanimo tochi. Silanti yabwino imaoneka ngati kamzere koyera kapena koyererako kosalala, kotsatira timakwawa, m'mphepete mwake mosakanikirana ndi dzino popanda kampata. Zoyenera kukufulumizitsani ndi kamzere kofiirira kapena kakuda kozungulira mphepete mwa silanti, mthunzi wotuwa wooneka ngati uli m'kati mwa dzino, kadzenje kamene chakudya chikutsakamiramo, kapena mwana kudandaula akadya zotsekemera ndi zozizira. Musamaikande ndi singano kapena chotokosera m'mano. Dziwaninso kuti silanti zina ndi zoonekera ngati galasi, ndipo zimenezi ngakhale ife timavutika kuziona, choncho kusaiona ndi maso pa mano ena awiriwo si umboni woti yachoka. N'chifukwa chake pa ana ndimakonda yoyera yosaonekera: siikongola kwambiri, koma ikachoka aliyense amadziwa.

Mukapita, dokotala adzatsuka ndi kuumitsa dzino, n'kuyesa yotsalayo ndi kachitsulo. Yogwedera adzaichotsa. Yolimba adzaisiya, palibe chifukwa choichotsera. Adzayang'ana kamng'alu kotsegukako: ngati enamelo ali bwino kapena wangosintha mtundu osabooka, adzapaka asidi pa enamelo ndi pa silanti yakale yomwe, n'kuthira yatsopano yolumikizana ndi yakaleyo. Ena amayamba apaka kamadzi komatira kopyapyala asanathire rezini, ndipo pa malo ovuta kuumitsa ngati kumbuyoku kamathandiza. Ngati akukayikira mthunzi wina, akhoza kujambula ekisire, ngakhale kuti kuwola kwakung'ono kwa potafunira sikuoneka bwino pa chithunzi mpaka kutalowa m'kati ndithu. Ngati papezeka bowo lenileni, ndiye kuti silanti yokha siikwaniranso. Amachotsa powolapo, kumata bowolo, n'kutseka timing'alu totsalato ndi silanti. Pa miyezi 8 yokha zoterezi sizichitika kawirikawiri. Ubwino wina n'ngwakuti dzinolo tsopano latuluka kwambiri kuposa tsiku lija, nkhama yatsika, mwananso wakula, ndiye mwayi woti ulendo uno igwire ndi waukulu.

Tsopano dzino lachinayi. Dokotala wanu anachita bwino kusaliika rezini. Dzino la m'munsi likamamera, kumbuyo kwake kumakhala kankhama kolendewera kophimba mbali ina ya potafunira. Pansi pa kankhamako pamatuluka chinyezi nthawi zonse, ndipo palibe thonje limene lingachiletse. Kuika rezini pamenepo n'kungotaya nthawi, ndipo mwina kupanga kampata koopsa kaja. Koma kudikira kokha osachita kanthu sindigwirizana nako, makamaka ngati mwanayu anawolapo mano aubwana. Kuchokera pamene nsonga yaonekera kufika pamene dzino lakumana ndi linzake la kumwamba pamatha kupita chaka, kwa ana ena kupitirira apo. Nthawi yonseyi dzino limakhala lalifupi kuposa loyandikana nalo, mswachi umangodutsa pamwamba osalikhudza, silitafuna kanthu kuti lidzitsuke, ndipo litsiro limaunjikana. Mano ambiri amayamba kuwola pa nthawi yodikirayi. Popeza papita kale miyezi 8, n'kutheka kuti lanu latuluka mokwanira, ndiye akalione pa ulendo womwewo.

Ngati likadali ndi kankhama, pali silanti ya mtundu wina, ya galasi ayonoma. Iyi ndi ufa wa galasi lapadera wosakaniza ndi asidi wofatsa wa m'madzi. Popeza m'kati mwake muli kale madzi, siikana chinyezi chochepa monga imachitira rezini, ngakhale kuti nayonso singaikidwe m'dziwe la malovu. Imamata pa enamelo mwa kugwirana ndi kashiamu wa m'dzino, osadalira timizu tija, ndipo imatulutsa fuloraidi pang'onopang'ono. Kaikidwe kake n'kosavuta. Amatsuka dzino, kulipaka asidi wofatsa masekondi 10 mpaka 15, kutsuka, kupukuta ndi thonje osaumitsa mpaka gwaa, kuika phalalo, n'kulikanikizira m'timing'alu ndi chala chovala gulovu chopaka mafuta a vaselini. Mtundu wambiri umauma wokha popanda nyali, ndipo mwana amauzidwa kuti asadye kwa ola limodzi. Kuipa kwake n'kwakuti imaperepeseka ndi kubenthuka msanga kuposa rezini, moti patatha zaka ziwiri kapena zitatu yambiri imaoneka kuti yatha. Koma chodabwitsa n'chakuti poyerekeza kuwola kwenikweniko, kafukufuku sanaonetse poyera kuti mtundu umodzi ukuposa unzake. Zikuoneka kuti ngakhale pamwamba yatha, tizidutswa timatsalira pansi pa timing'alu. Kwa dzino losatuluka lonse ine ndimasankha imeneyi, kenako ikatha ndipo dzino latuluka, ndimaika rezini ngati pakufunikabe. Njira ina ndi kupaka vanishi wa fuloraidi pa dzinolo miyezi 3 mpaka 6 iliyonse kufikira litatuluka.

Pa dzino lalifupili mswachi muziulowetsa mosiyana ndi mano ena. Mukautsatiza mzere wa mano kuchokera kutsogolo, umakwera pa dzino laubwana lalitali n'kulumpha lofunikalo. Imani kumbuyo kwa mwana, kokerani tsaya pambali ndi chala, lowetsani mswachi kuchokera pa ngodya ya kukamwa mopingasa, kuti ubweya wake ugwere mwachindunji pa dzino lokhalo, ndipo tsukani pang'onopang'ono. Kankhama kaja kakhoza kutuluka magazi pang'ono masiku oyamba. Musasiye, kakayera kamaleka. Mwana wa zaka 7 sangathe kuchita izi yekha, choncho usiku muzimutsukira inuyo malo amenewo, ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi ochuluka ngati kanjere kakang'ono, alavule koma asachukuche ndi madzi.

Silanti ngakhale igwire bwanji imateteza potafunira pokha. Pakati pa dzino ndi dzino siifikapo, ndipo dzino loyamba lotafunira limakhudzana ndi dzino laubwana lomaliza mpaka mwana atafika zaka 10 kapena 12. Laubwanalo likawola kumbuyo kwake, limapatsira losathalo pamalo pamene silanti kulibe. Ndiye ngati mwana wanu ali ndi dzino laubwana lobooka pamenepo, musalinyalanyaze poti lidzaguluka.

Akakonza, pemphani kuti akaionenso pakapita miyezi 6, chifukwa yosagwira imaonekera m'nthawi imeneyo, kenako aziiyesa pa ulendo uliwonse wopima mano, kamodzi pachaka kapena kawiri ngati mwanayu sachedwa kuwola mano. Akamayandikira zaka 12 muyambenso kuyang'ana kumbuyo kwa mano anayiwa, chifukwa kumamera ena anayi otafunira achiwiri. Amenewo amatenga nthawi yaitali kuti atuluke onse, ali kutali kovuta kuumitsa, ndipo pa msinkhu umenewo mwana amakhala akutsuka yekha, choncho mukangoona nsonga yoyera ikutuluka m'nkhama, kapanganeni ndi dokotala ngati ayambe ndi galasi ayonoma kapena vanishi.